Zithunzi zolengeza ulendo wa ndawala: tilembepo chiyani kuti anthu abwere ndi kupereka?

"Ndine mtsikana, mlembi wa gulu la achinyamata pa mpingo wathu ku Ndirande. Loweruka pa 13 Juni tili ndi ulendo wa ndawala wofuna kupeza K1,500,000 yogulira mabulangete 100 a agogo a m'dera lathu. Andipatsa ntchito yokonza zithunzi zotsatizana zoika pa Facebook, Instagram ndi WhatsApp. Chaka chatha tinachitanso zomwezi, anthu anazikonda, koma ankangofunsa kuti 'ndi liti?', 'titumize kuti?', ndipo ndalama zinabwera zochepa. Ndilembepo chiyani, ndipo ndizisanje bwanji?"

Achemwali, mtima m'malo. Munthu amene akufunsa kuti atumize kuti ndiye kuti ndalama wagwira kale m'manja, chamusowa ndi njira basi. Zikanakhala kuti anthu anangokhala chete, bwenzi ndikuti vuto ndi lalikulu. Ili ndi lokonzeka, ndipo simufunika foni yodula kapena wojambula wolipidwa kuti mulikonze.

Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza magulu a achinyamata ndi makwaya kulengeza zochitika zawo muno mu Blantyre, chimene ndachiona mobwerezabwereza ndi ichi: wokonza amaganiza kuti anthu adzaona masamba onse a zithunzi zotsatizanazo, kuyambira loyamba mpaka lomaliza, monga anawasanjira iye. Pa Instagram zimatero ndithu, munthu amasuntha ndi chala tsamba ndi tsamba. Koma anthu amene adzakupatseni ndalama zambiri, amayi a mumpingo, amalume a ku Limbe, achimwene amene ali ku Joni, ambiri mwa iwo adzaziona pa WhatsApp. Kumeneko zithunzi zanu zimamwazikana. Wina amasankha chimodzi chimene chamusangalatsa n'kuika pa sitetasi. Wina amatumiza ziwiri pa gulupu ya kubanja kwawo. Wina anatseka zoti zithunzi zizilowa zokha pofuna kusunga bandulo, ndiye amatsegula chimodzi chokha, zina zonse n'kuzisiya zili mbuu. Pa Facebook napo, mukaika zithunzi zingapo pamodzi, kawirikawiri zimaoneka zodulidwa m'timabokosi, ndipo munthu ayenera kudina kuti aone chilichonse pachokha. Amene anakufunsani kuti "ndi liti?" chaka chatha mwina anaona tsamba limodzi lokha, ndipo tsiku linali pa tsamba lina.

Choncho pokonza, tsamba lililonse muziliona ngati mwana amene mukumutuma yekha ku msika: asatuluke pakhomo asakudziwa dzina la kwawo ndi chimene watumidwa. M'munsi mwa tsamba lililonse ikani kamzere kofanana, kokhala ndi dzina la gulu lanu, mawu oti "Ulendo wa ndawala", tsiku, ndi nambala imodzi yofunsirapo. Kamzere kameneka kamaoneka ngati kubwereza kopanda pake mukamayang'ana masamba onse pamodzi pa foni yanu, koma ndi kamene kamapulumutsa tsamba likasochera lokha pa sitetasi ya munthu.

Masamba akhale angati? Instagram imalola mpaka 20, koma inu asanu akukwanirani. Mukachulukitsa, tsamba la kaperekedwe limakhala kutali ndipo ochepa ndi amene amafikako.

Tsamba loyamba lisakhale la moni, la chizindikiro cha gulu, kapena la vesi lokha. Ndikudziwa kuti kumpingo timakonda kuyamba ndi vesi, ndipo malo ake alipo, koma pa tsamba loyamba munthu ayenera kudziwa nkhani yonse ngakhale atapanda kupitirira. Kwa inu ndingalembe motere, ndi zilembo zikuluzikulu pamwamba: "Mabulangete 100 a agogo a ku Ndirande." Pansi pake: "Ulendo wa ndawala, Loweruka pa 13 Juni, 7 koloko m'mawa." Pansi penipeni, ndi zilembo zocheperako: "Sunthani kuti muone kaperekedwe." Taonani kuti ndayamba ndi mabulangete, osati ulendo. Anthu sapereka chifukwa choti achinyamata akuyenda pansi. Amapereka chifukwa akudziwa mmene kumazizirira muno mu Juni, mphepo ya Chiperoni ikayamba, ndipo aliyense ali ndi agogo amene akuwaganizira.

Tsamba lachiwiri ndi la cholinga, ndipo pamenepa kalata yanu ili kale ndi chuma chimene magulu ambiri alibe: masamu omveka. K1,500,000 kugawa kwa mabulangete 100, bulangete limodzi ndi K15,000. Lembani zimenezo. "K15,000 ndi bulangete limodzi. Anthu atatu a K5,000 ndi bulangete limodzi. Tikufuna 100." Mukangolemba kuti "tikufuna K1,500,000, thandizani ndi kangachepe", munthu amene ali ndi K5,000 amaona ngati yakeyo ikungotayika m'ndalama yaikulu chonchi, ndipo amachita manyazi kutumiza. Akaona kuti iye ndi anzake awiri afunditsa gogo mmodzi, amatumiza, mwinanso amakopa anzake awiriwo. Koma musanalembe mtengo umenewu, pitani ku Limbe kapena kumene mukufuna kukagula mukatsimikize, chifukwa mitengo siikhazikika masiku ano. Ngati wogulitsa sangalonjeze mtengo mpaka Juni, lembani kuti "pafupifupi K15,000". Mukalengeza mabulangete 100 n'kugula 70 popanda kufotokoza, chaka chamawa anthu adzakumbukira.

Pa tsamba lomweli pamakhala chiyeso choika chithunzi cha gogo wovala zong'ambika ali khuma pakhonde. Musatero popanda kuwapempha eni ake ndi abale awo, ndi kuwafotokozera kuti chithunzicho chidzaonedwa ndi anthu ambiri. Ndirande ndi yaikulu koma anthu amadziwana, ndipo zidzukulu za gogoyo zili pa Facebook pomwepo. Chithunzi cha achinyamata inu mutanyamula bulangete limodzi chimagwira ntchito yomweyo popanda kuchotsa munthu ulemu.

Tsamba lachitatu ndi la nthawi ndi malo. Lembani dzina la tsiku, deti ndi mwezi pamodzi, ndipo yang'anani pa kalendala kuti zikugwirizana, chifukwa cholakwika chimene chimachitika kwambiri ndi kutenga chithunzi cha chaka chatha n'kusintha deti koma kuiwala dzina la tsiku. Musalembe "Loweruka likudzali" kapena "mawa" pa chithunzi. Chithunzi chimayenda masabata, ndipo amene wachilandira Lolemba lotsatira adzabwera Loweruka lolakwika. Musalembenso manambala okhaokha ngati 13/6. Mwezi ulembedwe ndi mawu. Pa ulendo wa ndawala pali nthawi ziwiri, yokumana ndi yonyamuka, ndipo zonse zilembedwe: "Tikumana 7 koloko, tinyamuka hafu pasiti 7." Onjezerani nthawi imene mukuyembekeza kufika kothera, chifukwa akuluakulu ambiri sadzayenda nanu, adzafuna kukudikirirani kumeneko ndi envulopu yawo.

Malo nawo, "pa tchalitchi pathu" sizikwanira. Inu mukudziwa kuti ndi pati, koma mnzanu wa ku Bangwe amene walandira chithunzichi sakudziwa, ndipo mu Ndirande matchalitchi ndi ambiri. Lembani dzina lonse la mpingo, chigawo cha Ndirande chimene uli, ndi siteji imene munthu atsikire minibasi. Kenaka njira yonse mwachidule. Tiyerekeze kuti mukuchoka ku Ndirande, kudutsa pa Ginnery Corner, kukathera ku Njamba: mayina atatu amenewo alembedwe motsatana ndi timivi pakati, kuti amene wachedwa adziwe pokupezerani. Mapu ojambulidwa kuchokera pa foni musavutike nawo, zilembo zake zimakhala zazing'ono ndipo WhatsApp ikachepetsa chithunzi siziwerengeka.

Chenjezo limodzi pa tsamba limeneli: musalengeze njira musanalankhule ndi apolisi komanso ofesi ya bwanamkubwa kapena khonsolo za kuyenda kwanu pa msewu, ndiponso musanatsimikize kuti malo othera mwaloledwa kuwagwiritsa ntchito tsiku limenelo. Pitaniko ndi kalata ya abusa kapena akulu ampingo, nthawi ikadalipo. Akakusinthirani njira zithunzi zitafalikira kale, zakalezo simungazibweze, ndipo zidzakhala zikuyenda limodzi ndi zatsopano mpaka tsiku lomwelo.

Tsopano tsamba lachinayi, la kaperekedwe. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndalama zimabwerera kapena kuthawira.

Tsamba ili lisakhale ndi chithunzi cha anthu kumbuyo kwa zilembo. Mtundu umodzi woyera kumbuyo, zilembo zakuda, manambala akuluakulu. Pamwamba bwerezani cholinga mu mzere umodzi, kenaka nambala ya Airtel Money ndi nambala ya TNM Mpamba. Ikani zonse ziwiri. N'zoona kuti masiku ano munthu angathe kutumiza kuchoka ku netiweki ina kupita ku inzake, koma ambiri sanazolowere, ena amaopa kudulidwa ndalama zambiri, ndipo akazengereza pang'ono basi amati "ndituma madzulo", madzulo akewo osafika. Nambala muzilemba moidula m'magulu a manambala atatu kapena anayi, osati mndandanda umodzi wa manambala khumi, chifukwa munthu adzakhala akuiwerenga pa chithunzi, kutuluka, kuimba `*211#` kapena `*444#`, n'kuilemba kuchokera m'mutu.

Pansi pa nambala iliyonse lembani dzina limene nambalayo inalembetsedwa, ndendende mmene limaonekera munthu akamatumiza, ndi udindo wa mwini dzinalo. Ichi ndi chimene magulu ambiri amaiwala, ndipo chimawadyera ndalama mwakachetechete. Tonse muno talandirapo mauthenga a akuba aja oti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", choncho anthu ali tcheru. Mayi wina akufuna kutumiza K15,000 ku gulu la achinyamata a mpingo, walemba nambala, ndipo pa foni patuluka dzina la munthu amene sanamumvepo. Amasiya pomwepo, ndipo sadzakuimbirani kuti akufunseni. Koma tsamba likanena kuti "dzina lidzatuluka ndi lakuti, msungichuma wa gulu", dzina lomwelo likatuluka amalimba mtima n'kuika nambala yake yachinsinsi. Samalani kwambiri ngati simu ya msungichuma wanu inalembetsedwa ndi chitupa cha mayi ake kapena mlongo wake, zimene zimachitika kawirikawiri kwa achinyamata. Zikatero dzina lotuluka lidzakhala la munthu wina, ndipo ndi bwino kusankha nambala ina.

Nambalayo ikhale ya yani? Ine ndimalangiza kuti isakhale imene msungichuma amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku pogula magetsi ndi bandulo. Sindikunena kuti ndi wakuba. Koma ndalama za gulu zikasakanikirana ndi zake, ngakhale munthu wokhulupirika amalephera kulongosola bwino pa tsiku lowerengera, ndipo maubwenzi amathera pamenepo. Pezani simu yapadera ya ntchito imeneyi, uthenga uliwonse wa ndalama zolowa usafufutidwe, ndipo madzulo alionse anthu awiri alembe m'kope zimene zalowa. Pitaninso ku ofesi ya Airtel kapena TNM mukafunse zinthu ziwiri: malire a ndalama zimene akaunti yanu ingasunge, ndi ndalama imene mudzadulidwe potapa. Malirewo ndi ofunika chifukwa akaunti ikadzaza, ndalama za anthu zimakanidwa pa tsiku lenilenilo. Zodulidwa potapa nazo muziwerengere, chifukwa K1,500,000 ya mu foni siifika yonse m'manja mwa wogulitsa mabulangete. Mukafunsenso ngati gulu lanu lingapeze nambala ya bizinesi yotuluka dzina la gulu. Imafuna mapepala, koma ngati mumachita zimenezi chaka ndi chaka ndi yoyenera kuivutikira.

Ngati mpingo uli ndi akaunti ya kubanki ndipo akulu ampingo avomera, ionjezereni: dzina la banki, dzina la akaunti, nambala, nthambi, ndi mawu amene wotumiza alembe, monga "mabulangete", kuti ndalama zanu zisasokonezeke ndi zopereka zina. Amene amapereka ndalama zikuluzikulu, monga eni mashopu ndi makampani, amakonda njira imeneyi chifukwa imasiya umboni. A kunja, monga abale a ku Joni amene amatumiza kudzera ku Mukuru, amafunika dzina lonse la wolandira monga lilili pa chitupa cha unzika. Zimenezo musaziike pa chithunzi. Lembani kuti "a kunja, tilembereni pa WhatsApp", ndipo nambala yofunsirayo muyambe ndi +265. Osaiwala amene alibe ndalama mu foni: mzere umodzi wonena kuti angathe kupereka pamanja kwa msungichuma Lamulungu akaweruka mapemphero, kapena kubweretsa bulangete lenilenilo. Koma njira zisapitirire zinayi pa tsamba limodzi, kuopa kuti zilembo zingachepe.

Pali chinthu china chaching'ono chimene chimasintha zambiri. Kukopera nambala yolembedwa pa chithunzi n'kovuta pa mafoni ambiri. Choncho zonse zofunika, tsiku, malo, manambala ndi mayina, muzilembenso ngati mawu wamba pansi pa positi, ndipo pa WhatsApp muzitumize ngati uthenga wapadera pambuyo pa zithunzi. Izi zimathandizanso uja amene sanatsegule zithunzi chifukwa cha bandulo. Pa Instagram dziwani kuti linki yoikidwa m'mawu a pansi pa positi siidinika, ndiye musadalire imeneyo.

Tsamba lachisanu ndi la chikhulupiriro: ndani akuyang'anira, ndipo anthu adzamva liti mmene zayendera. "Ntchitoyi ikuyang'aniridwa ndi abusa ndi komiti ya achinyamata. Tidzalengeza ndalama zonse zimene zapezeka Lamulungu pa 21 Juni." Vesi lanu lija likhoza kukhala pano. Dzina la abusa kapena la mkulu aliyense musaliike musanawapemphe.

Za kukula kwa zithunzi ndinene mwachidule. Pa Instagram ndi Facebook konzani za mapikiselo 1080 m'lifupi ndi 1350 m'litali. Za sitetasi ya WhatsApp ndi 1080 ndi 1920. Mu Canva, pulogalamu yokonzera zithunzi, mungathe kusankha miyeso imeneyi pa foni pomwepo. Zilembo zisafike m'mphepete, chifukwa ndi mmene mumadulidwa. Mitundu iwiri ya zilembo ndi yokwanira, ndipo zilembo zopotanapotana zija zisayandikire manambala, chifukwa 1 ndi 7 zimafanana.

Musanatulutse, yesani kawiri. Choyamba, tumizani tsamba lachinayi lokha, kudzera pa WhatsApp, kwa munthu amene sali m'gulu lanu, makamaka wachikulire wa foni yaing'ono, ndipo mumupemphe atumize K500 pa nambala iliyonse osamuthandiza. Akakufunsani funso lililonse, yankho lake likusoweka pa tsambalo. Ndalama ikafika ndipo dzina latuluka lomwe munalemba, manambala ali bwino. Chachiwiri, muonetseni tsamba lachitatu lokha n'kumufunsa kuti atsikira pati ndipo afike nthawi yanji. Kuwerenga nokha sikuthandiza, chifukwa maso anu amaona zimene mumafuna kulemba, osati zimene mwalemba.

Tulutsani kukadali masabata atatu, kuti malipiro a kumapeto kwa Meyi akupezeni muli kale m'maganizo mwa anthu. Sitetasi imazimirira pakatha maola 24, ndiye gawanani masiku m'gulu mwanu kuti tsiku lililonse pakhale ena amene aika. M'malo mobwereza masamba asanu omwewo, sabata iliyonse konzani tsamba limodzi latsopano lonena pamene mwafika: "Mabulangete 38 apezeka, atsala 62", ndi manambala aja pansi pake. Chiwerengero cha mabulangetecho chikhale choona, chochokera m'kope lija. Ndipo nambala yolandirira ndalama musaisinthe pakati pa ulendo pokhapokha zitavutitsitsa.

Chomaliza ndi choopsa chimene muyenera kuchidziwiratu. Munthu wachinyengo angathe kutenga tsamba lanu la kaperekedwe, kufufuta nambala, kuikapo yake, n'kulifalitsa. Mudzazindikira wina akakuuzani kuti "ndatumiza kale" koma m'kope mulibe dzina lake. Musakangane naye, mupempheni akuonetseni uthenga wotsimikiza umene analandira, muone nambala ndi dzina la amene analandira ndalamayo. Nthawi zambiri mudzapeza kuti anangolakwitsa nambala imodzi, ndipo ayenera kuimbira kampani ya foniyo msanga, ndalama isanatapidwe, ali ndi nambala ya umboni imene ili mu uthengawo. Koma mukapeza kuti pali chithunzi chanu chokhala ndi nambala yachilendo, chisungeni, dziwitsani abusa tsiku lomwelo, kanenereni ku kampani ya foniyo ndi kupolisi, ndipo manambala enieni alengezedwe pakamwa m'tchalitchi Lamulungu lotsatira komanso pa tsamba la mpingo la pa Facebook. N'chifukwa chake ndi bwino kuti positi yoyamba ituluke pa tsamba la mpingo kapena la gulu, osati pa akaunti yanu, ndipo pa tsamba lachinayi pakhale mzere wonena kuti "musanatumize, onetsetsani kuti dzina latuluka ndi lomwe lalembedwa apa."